Kuwerengetsa maola a shifiti ya usiku yodutsa pakati pa usiku

Funso: "Ndine kalaliki pamalo ophika buledi, ndipo ndimakonza malipiro pa Excel. Anthu a masana ndimangochotsera nthawi yolowa pa nthawi yotuluka, zimayenda. Koma a usiku amalowa 10 koloko n'kutuluka 6 koloko m'mawa, ndiye pamatuluka ##### zokhazokha, ndipo maola a sabata yonse sakugwirizana ndi a m'buku la kapitawo. Ndikonze bwanji kuti ndisabere munthu?"

Yankho:

Bambo, vutoli lagona pa momwe Excel imasungira nthawi, choncho tiyambire pamenepo fomula isanabwere. Mukalemba 22:00, kompyuta siisunga nambala 22. Imasunga gawo la tsiku limodzi. Tsiku lathunthu ndi 1, 12 koloko masana ndi 0.5, 6 koloko m'mawa ndi 0.25, ndipo 10 koloko usiku ndi 0.9167. Mukhoza kudzionera nokha: lembani 6:00 m'kabokosi, kenako sinthani maonekedwe ake kukhala Number, mudzaona 0.25.

Tsono munthu wa masana akalowa 6:00 n'kutuluka 14:00, masamu ake ndi 0.5833 kuchotsera 0.25, kutsala 0.3333, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku, maola 8. Wa usiku zake zimatembenuka: 0.25 kuchotsera 0.9167 zimapereka -0.6667. Kompyuta ikuganiza kuti munthuyo anatuluka maola 16 asanalowe, chifukwa palibe chaiuza kuti 6 koloko ija ndi ya tsiku lotsatira. Excel siitha kuonetsa nthawi yotsika pansi pa ziro, n'chifukwa chake imadzaza kabokosi ndi #####. Choopsa n'chakuti nambala ija ikadalimo kuseri kwa zizindikirozo. Mukaphatikiza sabata yonse, usiku uliwonse umachotsa maola 16 m'malo mowonjezera 8. Apo ndi pomwe mukusiyanirana ndi buku la kapitawo.

Mankhwala ake ndi kubwezeretsa tsiku lomwe lasowalo. Pamanja mungachite chonchi: ngati nthawi yotuluka ili yaing'ono kuposa yolowa, wonjezerani 24 pa ola lotuluka. 6 koloko isanduka 30, ndipo 30 kuchotsera 22 ndi 8. Njira ina, yomwe ndi yabwino pofotokozera wantchito amene wabwera kudzadandaula, ndi kuwerenga kawiri: kuyambira polowa kufika 12 koloko usiku, kenako kuyambira 12 koloko usiku kufika potuluka. Wolowa 21:45 n'kutuluka 06:10 ali ndi maola 2 ndi mphindi 15 tsiku lisanathe, ndi maola 6 ndi mphindi 10 tsiku latsopano litayamba. Zonse pamodzi ndi maola 8 ndi mphindi 25.

Pa Excel, tinene kuti nthawi yolowa ili mu B2 ndipo yotuluka ili mu C2. Fomula yake ndi iyi:

```
=MOD(C2-B2,1)
```

MOD imeneyi ikapeza nambala yotsika pansi pa ziro imaiwonjezera 1, ndiye -0.6667 isanduka 0.3333, maola 8 aja. Ikapeza nambala ya pakati pa 0 ndi 1 imangoisiya momwe ilili, choncho fomula yomweyi ikugwira kwa a masana ndi a usiku omwe, simukufunika mapepala awiri. Ena amalemba motere, ndipo yankho ndi lomwelo:

```
=IF(C2<B2,C2+1-B2,C2-B2)
```

Yachiwiriyi ndi yaitali, koma munthu amene adzakulowani m'malo akhoza kuimvetsa pongoiwerenga. Zonse ziwiri zimagwiranso pa Google Sheets ndi LibreOffice Calc, kungoti makompyuta ena amafuna ; pamalo pomwe pali , m'fomula.

Pali njira ziwiri zomwe mudzauzidwa ndi anthu, ndipo zonse muzikane. Yoyamba ndi ABS, yomwe imangofufuta chizindikiro cha kuchotsera. Pa shifiti yanu ipereka maola 16 m'malo mwa 8. Imapusitsa anthu chifukwa pa shifiti ya alonda, yolowa 18:00 n'kutuluka 06:00, imapereka 12, lomwe ndi yankho loona, koma mwangozi chabe. Mlonda yemweyo akachedwa kutuluka mpaka 06:10, ABS ipereka maola 11 ndi mphindi 50 m'malo mwa maola 12 ndi mphindi 10, ndiye kuti munthu akagwira nthawi yaitali malipiro ake akutsika. Yachiwiri ndi kuyatsa Use 1904 date system. Imachotsadi ##### zija, koma imangoonetsa -16:00 poyera osakonza kalikonse, komanso imasuntha madeti onse omwe munalemba kale ndi zaka zinayi ndi tsiku limodzi.

Tsopano MOD yokha siikwanira pa nkhani ya malipiro. Langizo langa ndi lakuti muzisandutsa zonse kukhala mphindi, n'kusunga mphindi mpaka pamapeto penipeni. Mphindi ndi nambala zathunthu, zimaphatikizika bwino ngakhale pa kalikyuleta ya pafoni, ndipo zimakupulumutsani ku tinambala ta kumapeto tomwe kompyuta imasiya ikamagawa tsiku m'magawo. Tinambala timeneti ndi tomwe timachititsa kuti maola 8 enieni nthawi zina aoneke kwa fomula ngati apitirira 8 pang'ono, n'kulemba ovataimu pomwe palibe. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, choncho tichulukitsa ndi 1440. Mu D2 muzilemba mphindi zopuma ngati nambala wamba, 30 kapena 45, osati 0:30. Mu E2 muike izi:

```
=ROUND(MOD(C2-B2,1)*1440,0)-D2
```

Kabokosi ka E2 kakhale pa Number kapena General. Excel ili ndi chizolowezi chotengera maonekedwe a nthawi kuchokera ku B ndi C, ndiye mukaona 0:00 m'malo mwa 450 musadandaule, fomula ili bwino, sinthani maonekedwe basi. Za kupumazi, muchotse pokhapokha ngati mgwirizano wa pantchito panu ukunena kuti nthawi yopuma siilipidwa. Ngati munthu amadya ali pafupi ndi uvuni akuyang'anira buledi, imeneyo si nthawi yopuma, ndipo D2 ikhale 0.

Tiyeni titenge wophika mmodzi pa sabata yoyamba Lolemba pa 12 Januwale 2026, ndipo tingoyerekeza kuti amalandira K1,200 pa ola, yomwe ndi K20 pa mphindi. Pepala lanu lioneka chonchi:

```
A           B      C      D   E
12/01/2026  22:00  06:00  30  450
13/01/2026  21:45  06:10  30  475
14/01/2026  22:05  06:00  30  445
15/01/2026  22:00  07:30  45  525
16/01/2026  00:15  06:00  30  315
```

Kuphatikiza kolamu E kukupatsani mphindi 2,210. Kuchulukitsa ndi K20 ndi K44,200. Mukafuna maola, gawani ndi 60, mupeza 36.8333, ndipo kuchulukitsa ndi K1,200 kubweretsa K44,200 yomweyo. Mphindi 2,210 ndi maola 36 ndi mphindi 50.

Apa pali misampha itatu yomwe imadya ndalama za anthu ngakhale MOD ili bwinobwino. Woyamba ndi kuona 36:50 n'kudina 36.50 pa kalikyuleta. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100, choncho mphindi 50 ndi 0.83 ya ola, osati 0.50. Mukatero mulipira K43,800, munthu wataya K400 pa sabata. Ndi yochepa moti sangaione, koma pa chaka ndi ndalama, ndipo ikuchoka kwa aliyense wa pa shifiti imeneyo. Kumbukirani kuti mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75. Wachiwiri umagwira amene amasunga maola m'maonekedwe a wotchi: akaphatikiza sabata, kabokosi kali pa h:mm kamabwerera pa ziro maola akakwana 24, ndiye 36:50 imaoneka 12:50. Kuti isabwerere, lowani mu Format Cells, sankhani Custom, n'kulemba izi:

```
[h]:mm
```

Pa Google Sheets maonekedwe amenewa amatchedwa Duration. Wachitatu ndi kuchulukitsa kabokosi ka 36:50 ndi K1,200 mwachindunji. Pansi pake pali 1.5347, kutanthauza tsiku limodzi ndi theka, ndiye mupeza K1,841.67. Kabokosi ka nthawi kayenera kuchulukitsidwa ndi 24 kaye. Mukatsata njira ya mphindi ija, misampha yonse itatu mwaizemba.

Taonani mzere womaliza uja. Wophikayu anachedwa Lachisanu, anafika 00:15, ndiye pa kalendala linali kale Loweruka pa 17. Ine ndalemba 16 dala. Kolamu A izisunga tsiku la shifiti, osati tsiku lomwe chala chinadindidwa. Mukalemba 17, pepala lidzaonetsa kuti Lachisanu anajomba, ndipo ngati Loweruka usiku anabweranso, lidzaonetsa mashifiti awiri tsiku limodzi. Lamulo losavuta ndi lakuti shifiti ndi ya tsiku lomwe imayenera kuyamba. Lamulo lomweli limathetsa mkangano wa kumapeto kwa mwezi: shifiti yoyamba pa 31 Januwale n'kutha pa 1 Febuluwale ilowe yonse mu Januwale. Chomwe chimasokoneza ndi kuchita mwina mwezi uno, mwinanso mwezi wamawa, chifukwa pamenepo maola 6 amalipidwa kawiri kapena kusowa kumene.

Tsopano chinthu chomwe ndikufuna muchigwiritse kwambiri. MOD inachotsa #####, koma ##### ija inali kukuchenjezani. MOD siidandaula. Chilichonse chomwe mwaipatsa imabweza yankho la pakati pa 0 ndi maola 24, ndipo nthawi zambiri yankho lolakwikalo limaoneka ngati loona.

Tengani munthu amene waiwala kudinda potuluka. C2 ili yopanda kanthu, ndipo Excel imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati 0, kutanthauza 12 koloko usiku. Wolowa 22:00 apatsidwa maola 2. Ameneyo mwina mumuona. Koma amene waiwala kudinda polowa n'kutuluka 06:00 apatsidwa maola 6, ndipo maola 6 ali pakati pa anzake a 7 ndi 8 sachititsa munthu kuimika diso. Mlonda wolowa 18:00 osadinda potuluka nayenso apatsidwa 6, theka la usiku wake.

Kenako pali kalembedwe. Ife timati 10 koloko usiku, ndipo dzanja limalemba 10:00. Excel imamva 10 koloko m'mawa, ndiye 10:00 mpaka 06:00 isanduka maola 20. Chimodzimodzi 00:15 ija ikalembedwa 12:15, munthu wochedwa uja apatsidwa maola 17 ndi mphindi 45. Uzani aliyense wolemba m'buku kapena pakompyuta kuti agwiritse wotchi ya maola 24: 22:00, 23:30, 00:15. Pamenepa musalole kusakaniza.

Kadontho ndi koopsa kuposa zonse. M'mabuku ambiri a pageti anthu amalemba 21.45, ndipo kalaliki amakopera momwemo. Pa makompyuta ambiri Excel siiona nthawi pamenepo, imaona masiku 21 ndi gawo la 0.45. Ngati kabokosiko kali m'maonekedwe a wotchi, 21.45 idzaoneka 10:48. Mukalemba 21.45 ndi 6.10, fomula ipeza mphindi 936 pomwe zoona ndi 505. Mukalemba 22.00 ndi 6.00, ipeza ziro. Ngati muli kale ndi mwezi wathunthu wolembedwa ndi madontho, simukufunika kulembanso, tsegulani kolamu ina n'kusandutsa motere:

```
=TIME(INT(B2),ROUND(MOD(B2,1)*100,0),0)
```

Fomulayi imatenga nambala ya kumanzere kwa kadontho ngati maola, ya kumanja ngati mphindi. Imazindikira kuti 6.1 ndi 6:10, koma ngati wolembayo ankatanthauza 6:01 n'kulemba 6.1, palibe fomula ingadziwe, muyenera kubwerera ku buku.

Pomaliza pa gulu limeneli pali nthawi yomwe yalowa ngati mawu, osati nambala. Izi zimachitika mukakopera kuchokera ku makina odinda chala kapena ku uthenga wa pafoni, pomwe pamatsalira mpata wosaoneka kumbuyo kwa manambala. Chizindikiro chake n'chakuti nthawiyo imatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe zinzake zatsamira kumanja. Kuti mutsimikize, lembani =ISNUMBER(B2) pambali. Ikayankha FALSE, imeneyo si nthawi kwa kompyuta.

Chifukwa cha zonsezi, fomula yomwe ndingakulangizeni kuti ikhale mu E2 ndi yotalikirapo:

```
=IF(COUNTA(B2:C2)=0,"",IF(COUNT(B2:C2)<2,"ONANI",ROUND(MOD(C2-B2,1)*1440,0)-D2))
```

Ikunena kuti: ngati mabokosi onse awiri alibe kanthu, ndi tsiku lopuma, siya. Ngati muli kanthu koma manambala enieni sakukwana awiri, lemba ONANI. Apo ayi, werengetsa. SUM imadumpha mawu, choncho kuphatikiza kwanu sikuwonongeka, koma musatseke malipiro pali ONANI ngakhale mmodzi. Munthu woteroyo mufunse kapitawo, mulembe nthawi yomwe mwagwirizana, ndipo asaine. Kenako mu F2 muike mlonda wachiwiri, woyang'ana ngati yankho lili la nzeru:

```
=IF(ISNUMBER(E2),IF(OR(E2>660,E2<240,B2>=1,C2>1),"ONANI",""),"")
```

Malire a 660 ndi 240 ndasankha poona shifiti yanu ya maola 8: chilichonse choposa maola 11 kapena chosakwana maola 4 chiunikidwe ndi munthu. Kwa alonda a maola 12 mungakweze 660 kufika 800. Mbali ya B2>=1 ndi C2>1 ndi yogwira madontho aja. Dziwani kuti woiwala kudinda polowa uja, wa maola 6, sakanagwidwa ndi malire amenewa, wagwidwa ndi COUNT. N'chifukwa chake mafomula awiriwa akufunika onse.

Pali malire amodzi omwe MOD singawadumphe ngakhale mutalemba bwino chotani: siidziwa kuti padutsa masiku angati. Munthu akalowa 22:00 Lolemba, womusintha osabwera, n'kudzatuluka 22:00 Lachiwiri, MOD ipereka ziro. Akatuluka 23:00, ipereka ola limodzi m'malo mwa maola 25. Pamalo ophika buledi izi sizichitika kawirikawiri, koma kwa alonda, madalaivala ndi a m'zipatala zimachitika. Ngati pali mwayi woti zichitike, lembani deti pamodzi ndi nthawi m'kabokosi kamodzi, monga 12/01/2026 22:00 ndi 13/01/2026 06:00. Mukatero mbali ya B2>=1 ndi C2>1 ichotsedwe mu F2, ndipo MOD siikufunikanso, chifukwa deti ndi nambala yathunthu ndipo nthawi ndi gawo lake, kuchotsera wamba kumakwana:

```
=ROUND((C2-B2)*1440,0)-D2
```

Njira imeneyi ndi yolimba kuposa ya MOD, ndipo kulakwitsa kumaonekera poyera chifukwa kumabweretsa nambala yotsika pansi pa ziro kapena yaikulu modabwitsa. Mtengo wake ndi kulemba kwambiri, komanso msampha wa madeti. Makompyuta ambiri amabwera atatchedwa kalembedwe ka ku Amereka, koyamba mwezi kenako tsiku. Pa kompyuta yotere 12/01/2026 imamveka 1 Disembala, pomwe 13/01/2026 imakanika chifukwa kulibe mwezi wa 13, ndiye imangokhala mawu, fomula n'kubweza #VALUE!. Masiku 1 mpaka 12 a mwezi amatembenuzidwa mwakachetechete, ndipo shifiti yoyamba pa 5 n'kutha pa 6 imaoneka ngati ya mwezi wathunthu. Yesani musanayambe: lembani 13/01/2026 m'kabokosi. Ikatsamira kumanzere, konzani Region pa kompyutayo, kapena muzilemba chaka poyamba, 2026-01-13, kalembedwe komwe sikasokonezeka.

Sabata yomwe tatenga ija ili ndi nkhani ina. Lachinayi pa 15 Januwale ndi tsiku lokumbukira John Chilembwe, holide ya boma. Lamulo la zantchito la 2000 ku Malawi limaika maola 48 ngati malire a sabata wamba, ovataimu wamba pa malipiro a ola ndi theka lake, ndipo maola ogwira pa holide amalipidwa kawiri. Kwa munthu wa masana n'zosavuta. Kwa wa usiku holide imagwa pa mashifiti awiri: imayamba pakati pa shifiti ya Lachitatu n'kutha pakati pa shifiti ya Lachinayi. Apa ndi pomwe muyenera kudula shifiti pa 12 koloko usiku. Mphindi za tsiku lisanathe, kenako za tsiku latsopano, zimapezeka motere:

```
=ROUND(IF(C2<B2,1-B2,C2-B2)*1440,0)
=ROUND(IF(C2<B2,C2,0)*1440,0)
```

Pa shifiti ya Lachitatu, 22:05 mpaka pakati pa usiku ndi mphindi 115 wamba. Kuchoka apo kufika 06:00 ndi 360, ndipo popeza anapuma cha m'ma 2 koloko, mphindi 30 zija zichoke mbali imeneyi, kutsala 330 za holide. Pa shifiti ya Lachinayi, 22:00 mpaka pakati pa usiku ndi mphindi 120 za holide, ndipo 450 za Lachisanu kuchotsa 45 zopuma ndi 405 wamba. Mphindi za holide zonse ndi 450. Iliyonse ilandira K20 yowonjezera, ndiye K9,000 pamwamba pa K44,200, kukwana K53,200. Nthawi zonse tsimikizani kuti zigawo ziwirizo zikaphatikizidwa zikubweza nambala ya mu E: 115 ndi 330 ndi 445, 120 ndi 405 ndi 525. Zikapanda kugwirizana, kawirikawiri ndiye kuti kupuma kwachotsedwa kawiri kapena sikunachotsedwe.

Malo ena antchito sadula chonchi, amatenga shifiti yonse yoyamba pa tsiku la holide ngati ya holide. Pamenepo mphindi 525 za Lachinayi ndi zomwe zilipidwa kawiri, ndipo malipiro ndi K54,700, kusiyana K1,500 ndi njira yoyamba. Sabata ina kusiyanaku kukhoza kupendekera mbali inayo. Fomula singakusankhireni. Chimenechi ndi cha mgwirizano wa ntchito, ndipo pakakhala kukayika a ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi oyenera kufunsidwa. Mbali yanu ngati kalaliki ndi kuonetsetsa kuti njira yomwe yasankhidwa yalembedwa, antchito akuidziwa, ndipo ikugwira kwa onse mofanana. Onaninso munthu amene shifiti yake ya Lachitatu ndi yomaliza pa sabata: pa njira yachiwiriyi amagwira maola 6 pa holide osalandira kanthu kowonjezera, ndipo madandaulo ambiri amachokera kwa ameneyu.

Chenjezo laling'ono pa mafomula odula awiriwa: mzere wa wochedwa uja, wa 00:15, amauika wonse m'gawo loyamba, chifukwa nthawi yotuluka ndi yaikulu kuposa yolowa. Koma mphindi zakezo ndi za tsiku lotsatira deti ya mu A. Zikadachitika usiku wa Lachitatu, zonse zikadakhala za holide, ndipo fomula ikadaziika kwa wamba. Mizere yotere muiunike ndi maso sabata ya holide.

Ngati tsiku lina pantchito panu adzagula makina odinda chala, mudzapeza kuti ambiri amatulutsa mndandanda wa kudinda kumodzi pa mzere umodzi, ndipo lipoti lawo la tsiku ndi tsiku limasonkhanitsa motsata kalendala pokhapokha shifiti ya usiku itatchedwa bwino m'pulogalamu yake. Zotsatira zake n'zakuti Lachiwiri limatenga 06:00 ya kutuluka kwa shifiti ya Lolemba ngati kulowa, ndi 21:45 ya kulowa ngati kutuluka, n'kupatsa munthu maola 15 ndi mphindi 45 omwe anali kunyumba akugona. Njira yake ndi kusuntha malire a tsiku kuchoka pakati pa usiku kupita pa ola lomwe palibe wa usiku ali pantchito. Kwa anthu anu 12 koloko masana ndi pabwino. Ngati dzina lili mu A ndipo deti ndi nthawi ya kudinda zili mu B, mu C mulembe izi, kabokosiko kakhale m'maonekedwe a deti:

```
=INT(B2-0.5)
```

Kuchotsa 0.5 ndi kubweza wotchi maola 12. 22:00 ya pa 12 imakhalabe pa 12, 06:00 ya pa 13 imabwerera pa 12, ndipo 00:15 ya pa 17 ija imagwa pa 16 yokha popanda inu kuganiza. Kenako pa munthu aliyense ndi tsiku lililonse la shifiti mutenge kudinda koyambirira ndi komaliza, pogwiritsa MINIFS ndi MAXIFS, zomwe zilipo kuyambira Excel 2019 komanso pa Google Sheets. Ubwino wake ndi wakuti munthu akadinda kawiri polowa chifukwa makina anachedwa kulira, sizisokoneza. Akadinda kamodzi kokha usiku wonse, koyambirira ndi komaliza kumakhala kumodzi, yankho ndi ziro, ndipo fomula ya malire ija imugwira. Kubweza maola 12 kumeneku ndi kwa a usiku okha. Wa masana wolowa 06:00 n'kutuluka 14:00 kungamudule pakati, choncho a masana akhale ndi malire awo a pakati pa usiku. Muyang'anenso wotchi ya makinawo kamodzi pa sabata, makamaka magetsi akazimazima, chifukwa batire lake la mkati likafooka deti imabwerera m'mbuyo ndipo kudinda kwa usiku wonse kumagwa pa chaka china.

Kuno kwathu wotchi siisunthidwa chaka chonse, choncho 22:00 mpaka 06:00 ndi maola 8 nthawi zonse. Abale omwe amagwira usiku ku Britain adziwe kuti kumeneko usiku wolowa Lamlungu lomaliza la Malichi shifiti yomweyi imakhala ya maola 7, ndipo wolowa Lamlungu lomaliza la Okutobala imakhala ya maola 9. Excel siidziwa zimenezi, masiku awiriwo amakonzedwa pamanja.

Musanakhulupirire pepala lanu latsopano, liyeseni ndi mizere yomwe yankho lake mukulidziwa kale, D2 ili pa 0. 22:00 mpaka 06:00 ipereke 480. 06:00 mpaka 14:00 ipereke 480. 14:00 mpaka 00:00 ipereke 600. 23:59 mpaka 00:01 ipereke 2. 22:00 yopanda kutuluka ilembe ONANI, ndipo 10:00 mpaka 06:00 iyatse ONANI mu F. Zikadutsa zonsezi, tengani mwezi watha wa munthu mmodzi wa usiku, muwerengetse pamanja ndi njira yodula pa 12 koloko ija, n'kufananiza ndi buku la kapitawo tsiku ndi tsiku, osati pa chiwerengero chomaliza chokha, popeza kulakwitsa kuwiri kukhoza kufafanizana n'kubisala. Pomwe mupeze kuti munthu analipidwa moperewera miyezi yapitayi, lembani kusiyanako pa mzere wakewake pa malipiro otsatira, ndi madeti ake, kuti iye athe kuwerengetsa yekha.